Dzanja Lofufuza Apendikisi

Matumbo a munthu amakhala ndi mpweya, ndipo mpweya ndi mdani wa sikani ya alitirasaundi. Mafunde a mawu amene makinawa amatumiza m'thupi amadutsa bwino m'madzi, m'mnofu ndi m'chiwindi, koma akakumana ndi mpweya amabwerera pafupifupi onse, kusiya mdima kumbuyo kwake. Tsono apendikisi imakhala pakati penipeni pa matumbo odzadza mpweyawo. Ndi kathumbo kotalika masentimita 6 mpaka 10 mwa anthu ambiri, kotseka kumapeto, kolendewera pamene matumbo aakulu amayambira, m'munsi mwa mimba chakumanja. Ikakhala yabwinobwino kunenepa kwake sikupitirira kawirikawiri mamilimita 6. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri madokotala sankayembekezera kuti sikani ya mtunduwu ingawathandize pa kanthu kakang'ono kobisika chonchi.

Amene anasintha maganizo amenewa ndi dokotala wa ku Netherlands, Julien Puylaert, mu 1986. Sanapange makina atsopano. Anafotokoza kagwiridwe ka dzanja. Iye anaonetsa kuti ukakanikiza mimba ndi kachipangizo kounikira pang'onopang'ono, kuwonjezera mphamvu mwakachetechete, matumbo abwinobwino amaphwatalala, mpweya ndi kuthawira kumbali. Chimene chatupa ndi kulimba sichiphwatalala, chimatsala poyera. Njira yonse yagona pamenepa, ndipo kuimva pofotokoza n'kosavuta. Koma kuichita ndi nkhani ina, ndipo ndinazindikira kukula kwa luso lake poonerera mayi wina wounika odwala pa chipatala china cha boma, amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri.

Wodwala anali mnyamata wa zaka 14, wowonda, amene anabwera ndi amayi ake. Ululu unayamba dzulo lake madzulo mozungulira mchombo, wosaloza malo enieni. Anakana nsima, anasanza kamodzi, ndipo pofika m'mawa ululu unali utasamukira m'munsi chakumanja. Poyenda ankawerama, ndipo amayi ake anati m'minibasi ankabuula pa bampu iliyonse. Kusamuka kwa ululuku kuli ndi chifukwa chake. Poyamba chimene chimapweteka ndi kathumbo kokha kakamafufuma, ndipo minyewa ya matumbo siidziwa kuloza malo, imangoti penapake pakati. Kutupa kukafika pa nembanemba yoyala mkati mwa khoma la mimba, imene minyewa yake ndi yatcheru, ululu umapeza malo ake.

Mayi wounikayo sanayambe ndi makina. Anati, "Iwe, tandilozera ndi chala chimodzi pamene pakupweteka kuposa pena ponse." Mnyamatayo anayamba kusisita mimba yonse ndi chikhato. "Ayi, chala chimodzi chokha." Ndipo analoza. Mabuku amatchula malo a McBurney, dokotala wa ku New York amene anawafotokoza mu 1889, ndipo masiku ano amawapeza motere: ukajambula mzere kuchoka pa fupa lotulukira kutsogolo kwa chiuno kufika pa mchombo, malowo ali pa gawo loyamba mwa magawo atatu kuchokera ku fupa. Koma apendikisi siwerenga mabuku. Ina imapindikira kumbuyo kwa thumbo lalikulu, ina imalendewera m'chinena, ina imakwera chakuchiwindi. Chala cha wodwala chimadziwa zambiri kuposa mzere, ndipo wounika wochenjera amayamba ndi kufunsa.

Ngakhale anamulozera, kachipangizo sanakaike pamenepo poyamba. Anapaka jelo n'kuyambira kumtunda chakumanja, kumene sikupweteka, kuti mnyamatayo azolowere kuzizira ndi kulemera kwa dzanja. Izi si ulemu chabe. Mwana akadzidzimuka ndi ululu kamodzi kokha, minofu ya pamimba imauma gwa, ndipo palibenso kukanikiza kumene kungatheke. Mwayi umakhala umodzi. Choncho ankalankhula naye za sukulu, uku akutsika motsatira thumbo lalikulu la kumanja, limene limadziwika ndi mpweya wake wowala ndi mthunzi wosalongosoka. Pamene mpweyawo unathera ndiye poyambira pa thumbo lalikulu. Apa anasintha n'kutenga kachipangizo kathyathyathya, kamene sikaona patali koma kamaonetsa bwino zinthu zazing'ono zapafupi ndi khungu.

Chimene ndinachita nacho chidwi ndi mmene ankagwiritsira ntchito kupuma kwa wodwala. Mnyamatayo akamatulutsa mpweya mimba imafewa, ndipo dzanja la mayiyo linkalowa pang'ono. Akamakoka mpweya, dzanja linkangoima pomwepo, osabwerera. Akatulutsanso, linkalowanso pang'ono. Munthu woyang'ana dzanjalo akanati silikuyenda, koma pa sikirini matumbo ankasuntha n'kupatuka. Ankadziwa kuti wafika pokwanira ataona zinthu ziwiri pansi pa chithunzi: mnofu waukulu umene umachokera kumsana kutsikira ku ntchafu, ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi yopita ku mwendo, umodzi ukugunda. Ngati zimenezi sizikuoneka, ndiye kuti sunakanikize mokwanira ndipo chilichonse chimene unganene n'chongoyerekeza. Pochotsa dzanja ankachitanso chimodzimodzi, pang'onopang'ono, chifukwa pamimba potupa kuchotsa dzanja modzidzimutsa kumapweteka kuposa kukanikiza.

Kenako chinaonekera, pamwamba pa mnofu uja: kabwalo kozungulira, kokhala ndi mikombero. Pakati pakuda, ndiwo madzi kapena mafinya otsekeredwa. Kuzungulira pamenepo mkombero woyera, kenako wina wakuda wa mnofu wa khoma lake. Koma bwalo lokha silikwanira, pakuti thumbo lililonse ukaliona mopingasa limaoneka lozungulira, ndipo chakumapeto kwa matumbo aang'ono kumadutsa pomwepo. Anthu ongoyamba ntchitoyi amapusitsika nako kawirikawiri. Mayiyo anadikira, dzanja lili chete, kwa masekondi angapo. Thumbo laling'ono silikhala phee, limafinyika n'kukankha za mkati mwake. Ichi sichinagwedezeke. Anakanikiza: sichinaphwatalale, chinakhalabe chozungulira, ndipo mnyamatayo anakwinya nkhope. Anatembenuza kachipangizo kuti aone m'litali, bwalo lija linasanduka kachubu. Anakatsatira kumtunda mpaka pamene kalumikizana ndi thumbo lalikulu, n'kukatsatiranso kumunsi mpaka kanathera pamphuno yozungulira yotseka. Thumbo wamba limapitirira. Kotseka kumapeto m'dera limeneli kawirikawiri n'kamodzi kokha.

Kutsatira mpaka kumapetoku si kukometsa ntchito. Nthawi zina kutupa kumakhala kunsonga kokha, tsinde lili bwinobwino. Wounika wopupuluma akaona tsinde la mamilimita 5 n'kulekera pomwepo, amalemba kuti zonse zili bwino pamene nsonga ikuwola masentimita atatu kuchokera pamene analekera.

Poyeza anabwereranso pa chithunzi chopingasa, akukanikizabe, n'kuika zizindikiro kuchokera kunja kwa khoma lina kufika kunja kwa linzake. Mamilimita 9. Malire odziwika ndi 6, koma nambala imeneyi ndiiona ngati yolemekezedwa mopitirira muyeso. Pali anthu athanzi amene apendikisi yawo imafika 7 chifukwa yadzadza ndowe zofewa, ndipo imaphwatalala ukaikanikiza, yosapweteka. Ndiponso ukapendeketsa kachipangizo pang'ono, bwalo limatalika n'kukupatsa nambala yonama. Pakati pa 6 ndi 8 ndi malo okayikitsa, ndipo pamenepo chimene chimagamula mlandu si kachubu, koma zimene zakazungulira.

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi amadziwa chinsalu cha mafuta chimene chimakuta matumbo. Munthunso ali nacho, ndipo apendikisi ilinso ndi kachikupe kake ka mafuta mmene mumadutsa mtsempha woidyetsa magazi. Penapake m'mimba pakatupa, chinsalu chija chimamatirira pamenepo n'kukulunga malowo, kutsekera matenda kuti asafalikire. Mafuta abwinobwino pa alitirasaundi amaoneka otuwa, ofewa, ndipo amasuntha ukakanikiza. Mafuta otupa amalowa madzi ndi maselo olimbana ndi matenda, choncho amawala mbee, amakhuthala, ndipo ukakanikiza amasuntha onse pamodzi ngati chinthu chimodzi cholimba. Mwa mnyamata uja, kachubu kanali katazunguliridwa ndi mafuta owala otere mbali zonse, atakankhira matumbo ena kutali. Mayiyo anandiuza kuti masiku ambiri mafuta ndi amene amawaona poyamba, ndipo apendikisi amaifunafuna mkati mwa kuwalako. Kachubu ka mamilimita 7 kokhala m'mafuta abata samakakhulupirira msanga. Ka mamilimita 7 komweko m'mafuta owala, pamalo pamene wodwala waloza, ndi nkhani ya ku fiyeta.

Panali chinanso. Chakutsinde kunali kanthu koyera kopindika, kokhala ndi mthunzi wakuda bii pansi pake: kamwala ka ndowe zouma zosakanikirana ndi mchere wa kashiamu. Kamwala kotere kakatseka khomo, mkati mwa apendikisi mumapitirirabe kupangika mamina ake, koma alibe kotulukira. Mphamvu ya kufufuma ikamakwera, imafinya poyamba mitsempha yofewa yotulutsa magazi, khoma n'kutupa. Tizilombo ta m'matumbo timalowerera m'khomamo. Kenako ngakhale mtsempha wobweretsa magazi umalephera, ndipo kunsonga kulibe njira ina yodzera magazi. Khoma limafa, n'kubooka. Sikuti apendikisi iliyonse yotupa imafika pamenepo, ndipo si yonse imene imayamba ndi kamwala, koma kamwala kakakhalapo chiopsezo chimakula.

Choncho funso lachiwiri la wounika, atatsimikiza kuti yatupa, ndi lakuti khoma likadali lamoyo kapena ayi. Mayiyo anatsatira mkombero woyera uja kuzungulira konse ndi m'litali monse. Unali wosaduka. Anayatsa mitundu yoonetsa kuyenda kwa magazi, ndipo timadontho tofiira ndi tabuluu tinaonekera m'khoma lonse: magazi ochuluka, chizindikiro cha kutupa, komanso umboni wakuti khoma likadali lamoyo. Mkombero woyera ukayamba kuzimiririka pena, magazi n'kusowa pamalo pomwepo pamene mafuta ozungulira akuwala kwambiri, ndiye kuti khoma layamba kufa. Anayang'ana m'chinena, anapeza timadzi pang'ono toyera bwino, topanda zinyalala. Lipoti lake linali lalifupi: apendikisi yaoneka yonse mpaka kunsonga, mamilimita 9, yosaphwatalala, kamwala kutsinde, mafuta otupa, khoma losaduka, palibe thumba la mafinya. Kwa amayi a mnyamatayo anangoti, "Mayi, musamupatse chakudya kapena madzi. Adokotala akufotokozerani, koma konzekani kuti mwina mugona konkuno." Anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo.

Tiyerekeze kuti mnyamata yemweyo anabwera patapita masiku awiri ena. Apa ndi pamene sikani imanyenga. Apendikisi ikabooka, zimene zinali mkati zimatuluka, kachubu kolimba kaja n'kufota. Chizindikiro chachikulu chimene wounika amadalira chimasowa pa nthawi imene matenda afika poipa. Mimba imakhala youma ndi ululu, yosalola kukanikiza, ndipo matumbo oyandikira amaleka kuyenda n'kudzadza mpweya wambiri. Wodwala yemwe nthawi zina amanena kuti akumvako bwino kwa maola ochepa, poti kufufuma kwaphwa. Wounika wongofuna kachubu ka mamilimita oposa 6 angathe kulemba kuti sanapeze kanthu. Wodziwa amawerenga zotsalira: mafuta owala ochuluka mosayenera, madzi amatope okhala ndi tizinyalala toyandama, thumba la madzi akuda lokhala ndi khoma losalongosoka ndi timadontho ta mpweya mkati mwake, matumbo oyandikira okhuthala ndi omatana, mwinanso kamwala kaja kali kunja, kopanda chubu chokazungulira.

N'chifukwa chake mawu akuti "apendikisi sinaoneke" amasiyana kwambiri ndi akuti "apendikisi ili bwino". Mayi uja salemba achiwiriwo pokhapokha ataiona yonse, yopyapyala, yophwatalala, mpaka kunsonga. Akaisowa amayesa zina: amagoneka wodwala chakumanzere kuti thumbo lalikulu lisunthe, amaika dzanja lina kumsana n'kukankhira kutsogolo, amaunika chakunthiti kufunafuna yobisala kumbuyo. Ikakanikabe amalemba poyera kuti sinaoneke, n'kuwonjezera ngati mafuta ali abata kapena owala, ngati pali madzi kapena ayi. Mzere wachiwiriwu ndi umene umathandiza dokotala kusankha pakati pa kudikira n'kuyezanso pakapita maola angapo, ndi kufuna chithunzi china, ndi kungopita ku fiyeta. Ine ndimaona kuti kulemba moona mtima kotereku ndi mbali ya luso lomwelo, mofanana ndi dzanja.

Chithunzi chinacho ndi cha siti sikani, imene imagwira ntchito mwa njira ina. Imagwiritsa ntchito cheza cha ekisire, ndipo mpweya suisokoneza. Chinthu chilichonse chimapatsidwa nambala malinga ndi mmene chimatchingira cheza, pa muyeso wotchedwa ndi dzina la Godfrey Hounsfield, amene anapanga makinawa ku Britain: madzi ndi 0, mpweya ndi −1000, mafuta ndi pafupifupi −100. Choncho pa chithunzi chake mafuta abwinobwino amaoneka akuda mosalala, ndipo matumbo amaonekera bwino pakati pawo. Mafuta akalowa madzi chifukwa cha kutupa, nambala yawo imakwera kulowera ku 0, mdima uja n'kuyamba kutuwa ndi timizere tosokonekera tochokera pa apendikisi. Ndi mafuta omwe aja amene amawala pa alitirasaundi. Ndipo pano nambala 6 ndi yofooka kwambiri, chifukwa palibe dzanja lokanikiza: apendikisi yathanzi yokhala ndi mpweya kapena ndowe imapitirira mamilimita 6 mwa anthu ambiri. Wowerenga chithunzi amayang'ana khoma lokhuthala lowala ndi mankhwala obayidwa mumtsempha, ndi mafuta odetsedwa. Pa zakubooka amafunafuna pamene kuwala kwa khoma kwaduka, kampweya kamene kali kunja kwa thumbo, kamwala kamene katuluka, kapena thumba la mafinya.

Makina awiriwa amakonda anthu osiyana. Munthu wonenepa amavuta pa alitirasaundi poti apendikisi ili patali, koma pa siti sikani mafuta ake amasiyanitsa ziwalo bwino lomwe. Mwana wowonda alibe mafuta okwanira osiyanitsa matumbo pa siti sikani, koma kwa dzanja lokanikiza zonse zili pafupi. Poganiziranso kuti cheza si chabwino kwa ana ndi amayi oyembekezera, iwowa amayenera kuyamba ndi alitirasaundi ngakhale kumayiko kumene makina onse alipo. Kwathu kuno, kumene siti sikani imapezeka m'zipatala zochepa zikuluzikulu pamene alitirasaundi yafika m'zipatala za m'maboma, dzanja lophunzitsidwa bwino ndilo limene odwala ambiri angalifikire. Ndipo wounika wakuno ali ndi zomusokoneza zambiri: tayifodi imatupitsa chakumapeto kwa matumbo aang'ono pamalo omwewo ndipo nayonso imaboola thumbo, ana amatupa timwanabere ta m'mimba, ndipo mwa mayi aliyense wa msinkhu wobereka pamafunika kuyeza mimba, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero imapweteka pomwepo ndipo imapha msanga ndi kutaya magazi.

Kusiyanitsa yobooka ndi yosabooka kumasintha chithandizo chonse. Yosabooka amaichotsa, wodwala n'kutuluka pakapita masiku ochepa. Ena amathandizidwa ndi maantibayotiki okha, ndipo apa kamwala kaja kamakhala ndi mawu. Pa kafukufuku wa CODA ku America, wofalitsidwa mu 2020, wa akuluakulu 1,552, mwa amene anapatsidwa maantibayotiki, 29 pa 100 alionse anali atachitidwabe opaleshoni pofika masiku 90. Mwa okhala ndi kamwala anali 41 pa 100, mwa opanda kamwala 25 pa 100. Ndiye chifukwa chake kamwala sikayenera kusowa mu lipoti.

Ikabooka pali njira ziwiri. Ngati chinsalu cha mafuta chinafika msanga n'kukulunga, mafinya amasonkhana pamalo amodzi. Nthawi zambiri dokotala safulumira kutsegula pamenepo, chifukwa matumbo omatana ndi ofewa amang'ambika mosavuta: amapereka maantibayotiki, ndipo thumba likakhala lalikulu amalowetsa kapaipi kokhetsa mafinya, motsogozedwa ndi sikani yomweyo. Ngati chinsalu sichinakwanitse, ndowe ndi mafinya zimamwazikira m'mimba monse, nembanemba yonse imatupa, tizilombo timalowa m'magazi, ndipo pamafunika madiripi ndi opaleshoni yamwamsanga yotsuka m'mimba. Wopulumuka amakhalitsa m'chipatala, bala limatha kuchita mafinya, ndipo zipsera za mkati zimatha kudzamanga matumbo patapita zaka. Ana aang'ono osakwana zaka 5 ndi amene amavutika kwambiri: chinsalu chawo cha mafuta n'chachifupi ndi chopyapyala, satha kufotokoza ululu, ndipo ambiri amafika itabooka kale. Okalamba nawonso amafika mochedwa, poti ululu wawo sukhala waukali ndipo thupi mwina silitentha.

Nthawi ndiyo imasankha kwambiri njira zimenezi. Kubooka sikuchitikachitika tsiku loyamba, koma kumawonjezereka likadutsa tsiku limodzi ndi theka kuchokera pamene ululu unayamba. Masiku amene amatayika kawirikawiri ndi a kunyumba: panado wa ku golosale, mankhwala a njoka za m'mimba, mankhwala otsegula m'mimba, kudikira kuti tione mawa. Munthu wanu akadandaula ululu woyamba pa mchombo n'kusamukira m'munsi chakumanja, akukana chakudya, akumva kupweteka potsokomola kapena poyenda, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo ululu ukatha mwadzidzidzi musabwerere panjira. Mukapatsidwa pepala la sikani, funsani kuti apendikisi yaoneka yonse kapena sinaoneke. Ngati sinaoneke ndipo akubwezani kunyumba, ululu ukapitirira bwereraniko pasanathe tsiku.